Disiki, washa kapena shelo: pamene voliyumu ya chinthu chozungulitsidwa ikukana kutuluka

Loweruka lililonse masana ndimakhala ndi ophunzira angapo a chaka choyamba cha uinjiniya kunyumba kwanga ku Chitawira. Ena amatsika kuchokera ku Zingwangwa, ena amakwera minibasi kuchokera ku Ndirande, ndipo onse akafika pa mutu wa voliyumu ya chinthu chopangidwa pozungulitsa malo a pa girafu, amabwera ndi dandaulo limodzimodzi. Mafomula onse atatu anawaloweza. Intigiro amaitha. Koma funso likangosintha pang'ono, yankho limasemphana ndi la m'buku, mwina kutuluka negetivu, mwina kugwera mu ikweshoni yosatheka kuimasula. Mtsikana wina anandiuza mwezi watha kuti, "Aphunzitsi, ine ndimangoyesa fomula iliyonse mpaka ina igwirizane ndi yankho lakumapeto kwa buku." Ndinamumvera chisoni, chifukwa m'chipinda cha mayeso mulibe kumapeto kwa buku.

Gwero la vutoli ndi lakuti ophunzira amayamba ndi kusankha fomula, pamene fomula siisankhidwa. Chimene munthu amasankha ndi kathabwa kamodzi kopyapyala kojambulidwa mkati mwa malo amene akuzungulitsidwawo, kaya koima kaya kogona. Mukakajambula, zina zonse zimabwera zokha.

Kathabwa ndiko kamalamula

Jambulani malowo. Jambulani akisisi, kutanthauza mzere umene malowo azungulirepo. Kenako ikani kathabwa kamodzi mkati mwa malowo, nsonga zake ziwiri zikhudze malire. Kathabwa koima kali ndi kuchindikala `dx`, choncho chilichonse mu intigiro yanu chiyenera kulembedwa mwa `x`, pamodzi ndi malire ake. Kathabwa kogona kali ndi kuchindikala `dy`, ndipo zonse zikhala mwa `y`.

Tsopano yang'anani mmene kathabwako kakhalira ndi akisisi. Ngati kakuloza akisisi mopingasa, monga sipoko ya njinga ilozera habu, kakazungulira kamasesa chinthu chaphanthiphanthi chozungulira. Nsonga imodzi ikakhala pa akisisi penipeni, mumapeza disiki, ngati chigawo cha chinangwa chodulidwa mopingasa. Pakakhala mpata pakati pa kathabwako ndi akisisi, pakati pamatsala bowo ndipo mumapeza washa, wofanana ndi uja timaika pa bawuti. Koma ngati kathabwako kaima kapena kagona mbali yomweyo imene akisisi yalowera, osailoza, kakazungulira kamapanga kapaipi kopyapyala. Imeneyo ndiye shelo. Amene anadulapo thunthu la nthochi akudziwa mmene makoko ake amavundikirana, lina mkati mwa linzake mpaka pakati. Chinthu chowerengedwa ndi mashelo chimamangidwa motero.

```
disiki:  dV = π R² · (kuchindikala)
washa:   dV = π (R² − r²) · (kuchindikala)
shelo:   dV = 2π · (rediyasi) · (kutalika) · (kuchindikala)
```

Fomula ya shelo imaoneka yachilendo kufikira mutaganiza za amisiri okhoma zidebe ku Ndirande. Mmisiri akafuna khoma la chitini chozungulira amadula lata lamakona anayi n'kulipinda. Mukaching'amba chitinicho kuchokera pamwamba mpaka pansi n'kuchitambasula, chimabwerera kukhala lata lomwe lija: mbali imodzi ndi mtunda wozungulira chitini, `2π` kuchulukitsa ndi rediyasi, mbali inayo ndi kutalika kwa chitini. Chulukitsani ndi kuchindikala kwa lata, mwapeza kuchuluka kwa chitsulo. Palibe china chobisika mu fomulayo.

Kuti mavuto aoneke bwino, nditenga malo amodzi n'kumawazungulitsa mosiyanasiyana. Malowa ndi otsekeredwa pakati pa mzere woongoka `y = 2x` ndi mzere wokhota `y = x²`. Mizereyi imakumana pamene `2x = x²`, ndiko kuti pa (0, 0) ndi pa (2, 4). Pakati pa malo awiriwa mzere woongoka uli pamwamba: pa `x = 1` woongoka uli pa 2 pamene wokhota uli pa 1. Malowo ndi kachigamba kowonda, kooneka ngati tsamba lopendekeka.

Yankho likuchepa kwambiri

Tizungulitse tsambali pa akisisi ya `x`. Kathabwa koima kakuloza akisisi mopingasa, koma nsonga yake yapansi ili pa mzere wokhota, sinafike pa akisisi. Choncho ndi washa. Rediyasi yaikulu ndi mtunda wochokera pa akisisi kufika ku nsonga yakutali, `R = 2x`. Yaing'ono ndi wofika ku nsonga yapafupi, `r = x²`.

```
V = π ∫₀² [(2x)² − (x²)²] dx
  = π ∫₀² (4x² − x⁴) dx
  = π (32/3 − 32/5) = 64π/15 ≈ 13.4
```

Cholakwa chimene ndimachiona kuposa china chilichonse chili pompano. Wophunzira amaona kuti kathabwako n'kotalika `2x − x²`, ndiye amalemba `π (2x − x²)²`. Wachotsera kaye, kenako wasikweya. Intigiro yake imayenda bwinobwino n'kupereka `16π/15`, pafupifupi 3.35, gawo limodzi lokha mwa magawo anayi a yankho loona. Kuopsa kwake n'koti nambalayo imaoneka yaulemu. Si negetivu, ili ndi `π`, ili ndi 15 pansi ngati yoonayo.

Amene walemba `(R − r)²` wachita ngati wanyamula kathabwa kaja n'kukatsitsa mpaka kakhale pa akisisi, kenako n'kukazungulitsa. Koma kathabwa kali kutali ndi akisisi kamayenda ulendo wautali pozungulira, ndipo kamasesa malo ambiri kuposa kali pafupi. Yesani ndi manambala wamba. Washa wa rediyasi yakunja 5 ndi yamkati 4 ali ndi nkhope ya `π(25 − 16)`, ndiye `9π`. Njira yolakwika ikupereka `π(5 − 4)²`, yomwe ndi `π` basi. Washa ndi disiki yaikulu yochotsedwapo disiki yaing'ono, ndiye iliyonse isikweyedwe payokha, kuchotsera kubwere pambuyo. Ophunzira anga ndimawauza kuti asalembe intigiro asanalembe mizere iwiri payokhapayokha, wina wa `R =` ndi wina wa `r =`. Amene watsatira zimenezi sabwerezanso cholakwachi kawirikawiri.

Voliyumu yomweyi ingapezeke ndi mashelo, ndipo n'kofunika kuona kuti ikugwirizana. Akisisi ndi yogona, ndiye kathabwa kolowera mbali yomweyo ndi kogona, kochindikala `dy`. Kali pa mtunda `y` kuchokera pa akisisi, ndiyo rediyasi. Kutalika kwake ndi `x` yakumanja kuchotsapo `x` yakumanzere. Apa mizere ija iyenera kutembenuzidwa: `y = x²` ikhala `x = √y`, ndipo `y = 2x` ikhala `x = y/2`. Pa `y = 1` wokhota uli pa 1, woongoka uli pa theka, choncho wokhota ndiye wakumanja.

```
V = 2π ∫₀⁴ y (√y − y/2) dy
  = 2π (64/5 − 64/6) = 64π/15
```

Njira ziwiri, yankho limodzi. Zikasemphana, njira imodzi sinakhale "yolondola kuposa inzake". Pena mwalakwitsa, ndipo muyenera kubwerera ku chithunzi.

Malire a `x` mu intigiro ya `y`

Onani kuti mu intigiro yachiwiriyo malire ndi 0 ndi 4, osati 0 ndi 2. Kathabwa kogona kamayambira pansi pa tsamba, pa `y = 0`, n'kumakwera mpaka pansonga, pa `y = 4`. Malire amatsatira ulendo wa kathabwa.

Cholakwachi chimaonekera bwino tikazungulitsa tsamba lomwelo pa akisisi ya `y`. Anthu ambiri anamva kwinakwake kuti "akisisi ya `y` ndiye `dy`", ndipo amaigwira mfundoyi ngati lamulo. Ndi yoona pa madisiki ndi mawasha okha. Pa mashelo ndi yotembenuka. Ndi kathabwa kogona, kamene tsopano kakuloza akisisi mopingasa, timapeza washa wa `R = √y` ndi `r = y/2`. Ndi kathabwa koima timapeza shelo ya rediyasi `x` ndi kutalika `2x − x²`.

```
washa:  V = π ∫₀⁴ (y − y²/4) dy = π (8 − 16/3) = 8π/3
shelo:  V = 2π ∫₀² x (2x − x²) dx = 2π (16/3 − 4) = 8π/3
```

Amene waiwala n'kuika malire 0 ndi 2 mu intigiro ya washa amapeza `4π/3`. Waleka kuwerenga ali pakati pa msinkhu wa chinthucho. Chizindikiro china cha matenda omwewa ndi intigiro yokhala ndi `x` ndi `y` pamodzi, kapena yankho lomaliza lotsala ndi chilembo. Voliyumu ya chinthu chodziwika malire ndi nambala. Ngati `x` yatsalamo, kathabwa kanu kanali ka mtundu wina, fomula ya mtundu wina.

Palinso kusinthana kwa maudindo kumene kumasokoneza ambiri. Pozungulitsa pa akisisi ya `x`, mzere woongoka ndiwo unali kunja. Pozungulitsa pa akisisi ya `y`, wokhota ndiwo uli kunja, chifukwa ndiwo uli kutali ndi akisisi yatsopanoyo. Amene wangokopera kuti "woongoka ndi `R`" kuchokera ku funso lapitalo adzapeza `−8π/3`. Musangofufuta chizindikiro cha negetivucho n'kupitirira. Pa funso ili kufufutako kukupulumutsani, koma pa funso lina negetivu yomweyo ikhala ikukuuzani kuti mizere yadutsana pakati pa malire, ndipo kufufuta kudzabisa cholakwa chachikulu. Tengani nambala imodzi ya pakati pa malire, iikeni m'mizere yonse iwiri, muone wakutali ndi uti.

Akisisi ikachoka pamalo pake

Pano ndi pamene oloweza mafomula amagwera onse. Funso likuti zungulitsani tsamba lija pa mzere `x = 3`. Mwana amatsegula kope kufuna fomula ya "akisisi yosuntha", ndipo akapanda kuipeza amaganiza kuti sanaphunzitsidwe. Fomula yatsopano kulibe. Rediyasi ndi mtunda wochokera pa akisisi kufika pa kathabwa, ndipo mtunda pa girafu ndi chakumanja kuchotsapo chakumanzere, kapena chapamwamba kuchotsapo chapansi.

Mzere `x = 3` ndi woima ndipo uli kumanja kwa tsamba lonse, popeza tsambalo limathera pa 2. Kathabwa koima kali pa `x`, akisisi ili pa 3, mtunda ndi `3 − x`. Kutalika kwa kathabwa sikunasinthe, chifukwa tsamba ndi lomwe lija. Chasintha ndi rediyasi yokha.

```
V = 2π ∫₀² (3 − x)(2x − x²) dx
  = 2π ∫₀² (6x − 5x² + x³) dx
  = 2π (12 − 40/3 + 4) = 16π/3 ≈ 16.8
```

Wolemba `x − 3` apeza negetivu. Wolemba `x + 3` ndiye ali pa ngozi yaikulu, chifukwa yankho lake lidzatuluka labwinobwino, koma ndi la funso lina, lozungulitsa pa `x = −3`. Njira yodzitetezera ndi yosavuta: ikani nambala mu rediyasi yanu n'kuyerekeza ndi chithunzi. Pa `x = 2`, nsonga ya tsamba ili sitepe imodzi kuchokera pa mzere `x = 3`. `3 − x` ikupereka 1. `x + 3` ikupereka 5, zomwe maso akukana.

Ndi mawasha funso lomweli limafuna kusamala kwambiri, chifukwa marediyasi onse awiri amasintha, ndipo wakutali tsopano ndi mzere wakumanzere. Choncho `R = 3 − y/2` ndi `r = 3 − √y`. Mukasikweya iliyonse payokha n'kuchotsera, ma 9 amafafanizana, kumatsala `6√y − 4y + y²/4`, ndipo intigiro yake kuyambira 0 mpaka 4 ndi `32 − 32 + 16/3`. Kuchulukitsa ndi `π`, tabwerera pa `16π/3`. Mukuona nokha kuti shelo inali njira yaifupi, yopanda maruti ndi masikweya awiri. Ine pa mayeso ndikanatenga shelo, washa ndikanasungira kutsimikizira ngati nthawi yatsala.

Chimodzimodzi ndi akisisi yogona ya pansi pa tsamba, monga `y = −1`. Mtunda wochokera pa −1 kufika pa `2x` ndi `2x − (−1)`, ndiye `R = 2x + 1` ndi `r = x² + 1`, ndipo voliyumu ndi `104π/15`, pafupifupi 21.8. Ena amaganiza kuti popeza 1 ali ku mbali zonse ziwiri, afafanizana ndipo yankho likhala lija la `64π/15`. Sangafafanizane, chifukwa kusikweya kumayamba kuchotsera kusanachitike. Tsamba latalikira akisisi, ndiye liyenera kusesa malo ochuluka.

Pamene njira imodzi yatsekeka

Pa tsamba lathu njira zonse ziwiri zimatheka, kusiyana kwake ndi thukuta chabe. Koma pali mafunso amene njira imodzi imakufikitsani pa khoma, ndipo wophunzira amatha mphindi makumi awiri akulimbana ndi alijebura poganiza kuti iyeyo ndiye wofooka.

Tengani malo a pansi pa `y = 4x − x³`, pamwamba pa akisisi ya `x`, kuyambira `x = 0` mpaka `x = 2`, ozungulitsidwa pa akisisi ya `y`. Mzerewu umakwera kuchokera pa ziro, kufika pamwamba pafupifupi 3.08 pamene `x` ili pafupi ndi 1.15, n'kutsikanso kufika pa ziro. Ndi kaphiri. Wogwira lamulo lija la "akisisi ya `y` ndiye `dy`" ajambula kathabwa kogona. Yang'anani nsonga zake: yakumanzere ili pa mzere wokhotawo, yakumanja ilinso pa mzere womwewo. Kuti apeze `R` ndi `r` ayenera kumasula `x³ − 4x + y = 0` kuti `x` ikhale payokha, n'kusankhamo mayankho awiri mwa atatu. Imeneyi si ntchito ya m'chipinda cha mayeso.

Chizindikiro chake ndi chimenecho: kathabwa kakalowa ndi kutuluka pa mzere umodzimodzi, kapena ikweshoni ikakana kutembenuzidwa, katembenuzeni kathabwako. Koima kali ndi mutu pa mzere wokhota, phazi pa akisisi ya `x`, ndipo kutalika kwake ndi `4x − x³` monga funso laperekera.

```
V = 2π ∫₀² x (4x − x³) dx
  = 2π (32/3 − 32/5) = 128π/15 ≈ 26.8
```

Mizere iwiri yokha, nkhani yatha. Ndiye ndikafunsidwa kuti munthu ayambire pati posankha, ndimati ayang'ane kaye mmene funso lalembera mizere. Ngati yonse yabwera ngati `y =` chinachake cha `x`, yesani kathabwa koima poyamba, ndipo akisisi ndiyo ikuuzeni dzina la njirayo: ikakhala yogona ndi disiki kapena washa, ikakhala yoima ndi shelo. Chitsanzo chabwino ndi chitunda chimodzi cha `y = sin x`, kuyambira 0 mpaka `π`. Kathabwa koima kozungulira akisisi ya `x` kamapereka madisiki ndi voliyumu `π²/2`. Kathabwa komweko kozungulira akisisi ya `y` kamapereka mashelo ndi voliyumu `2π²`. Kathabwa kogona kakanakulowetsani mu `arcsin` pa mafunso onse awiri popanda phindu lililonse.

Kathabwa kosintha malire pakati pa ulendo

Sindikufuna muchoke pano mukuganiza kuti shelo ndiyo njira yabwino nthawi zonse. Ena akangoizolowera amaiika paliponse. Tiyeni titenge chinthu chenicheni, ndowa yamalata, yopapatiza pansi ndi yotambasuka kukamwa. Tinene kuti rediyasi yapansi ndi masentimita 12, yakukamwa ndi 16, ndipo msinkhu ndi 30. Tikufuna kudziwa madzi amene ingalowe.

Ikani akisisi ya `y` pakati pa ndowa, pansi pa ndowa pakhale `y = 0`. Khoma lake ndi mzere woongoka: pa masentimita 30 okwera, rediyasi imakula ndi 4, choncho `R = 12 + 2y/15`. Kathabwa kogona kamayambira pa akisisi n'kuthera pa khoma, kuchokera pansi mpaka pamwamba osasintha. Ndi disiki, ndipo intigiro ndi imodzi.

```
V = π ∫₀³⁰ (12 + 2y/15)² dy = 5920π ≈ 18 600
```

Amenewo ndi masentimita a kiyubu, ndipo popeza lita imodzi ndi 1000, ndowayo imalowa malita pafupifupi 18.6.

Tsopano yesani ndi mashelo. Kathabwa koima kamayenda kuchokera pakati kupita kunja. Kuyambira `x = 0` mpaka 12, phazi lake lili pansi pa ndowa ndipo kutalika kwake ndi 30. Kakangodutsa 12, phazi limachoka pansi n'kuyamba kukwera khoma lopendekeka, ndipo kutalika kumakhala `120 − 7.5x`, komwe kumatsika kuchokera pa 30 kufika pa ziro pamene `x = 16`. Malire apansi asintha pakati pa ulendo, ndiye pafunika maintigiro awiri. Yoyamba ikupereka `4320π`, yachiwiri `1600π`, ndipo pamodzi ndi `5920π` monga poyamba. Njirayo si yolakwika, koma ntchito yawirikiza, ndipo wosajambula chithunzi sangaone kuti pafunika kugawa. Iye adzagwiritsa `120 − 7.5x` kuyambira 0 mpaka 16, n'kupeza voliyumu ya chinthu china chosongoka kunsi, chimene chimapitirira pansi pa ndowa mpaka kuthera pa nsonga.

Choncho musanalembe kalikonse, yendetsani kathabwa kanu ndi chala kuchokera ku malire ena kufika ku enawo, mukuyang'ana nsonga zake. Nsonga iliyonse ikakhala pa mzere umodzi ulendo wonse, intigiro ndi imodzi. Nsonga ikadumphira pa mzere wina, pamenepo pafunika kudula. Yesani mitundu yonse iwiri ya kathabwa, mutenge kamene sikadumpha. Zimatenga nthawi yochepa kuposa kufufuta pepala lathunthu.

Pali vuto lina losowa koma loyenera kulidziwa. Zonse ndanenazi zimafuna kuti malo onse akhale mbali imodzi ya akisisi. Akisisi ikadutsa mkati mwa malowo, mbali ziwirizo zikazungulira zimalowana, ndipo kuphatikiza mavoliyumu awo kumawerenga malo amodzi kawiri. Zikatero pindani chithunzicho pa akisisi, ngati mukupinda pepala, n'kuzungulitsa chithunzi chophatikizanacho, mukutenga malire akutali pa malo alionse.

Kudziwa kuti yankho ndi loona popanda buku

Mtsikana uja anafunsa funso loyenera: "Nanga aphunzitsi, ndikamaliza ndidziwa bwanji kuti ndakhoza?" Pali njira zitatu zimene ndimagwiritsa ntchito, ndipo sizilingana mphamvu.

Yachangu kwambiri ndi kuwerenga miyeso. Voliyumu ndi utali kuchulukitsa katatu. Mu `π R² dx` muli mautali awiri mu `R²` ndi wachitatu mu `dx`. Mu shelo muli rediyasi, kutalika ndi kuchindikala. Amene waiwala rediyasi ya shelo, kapena waiwala kusikweya mu disiki, watsala ndi mautali awiri okha, ndipo zimenezi zimaoneka intigiro isanayambe n'komwe. Njirayi siigwira cholakwa cha `(R − r)²`, chifukwa miyeso yake ndi yokwanira.

Yachiwiri ndi kutsekera chinthucho m'masilinda odziwika. Ndowa ija ndi yaikulu kuposa silinda ya rediyasi 12, yomwe imalowa malita 13.6, ndipo ndi yaing'ono kuposa ya rediyasi 16, yomwe imalowa 24.1. Yankho la 18.6 lakhala pakati. Kaphiri ka `4x − x³` kakukwana mu silinda ya rediyasi 2 ndi msinkhu 3.08, ya voliyumu pafupifupi 38.7, ndipo 26.8 ndi yocheperapo monga kuyenera. Ndi njira imeneyi mungagwire 2 woiwalika pa `2π` nthawi zina, ndiponso malire olakwika kwambiri.

Yachitatu ndi imene ndimaikonda, ndipo ndi yakale kuposa kakyulasi yemwe. Imadziwika ndi dzina la Pappus wa ku Alexandria, katswiri wa masamu wa m'zaka za m'ma 300. Imati voliyumu ndi kukula kwa malo ozungulitsidwawo kuchulukitsa ndi mtunda umene pakatikati pa kulemera kwake payenda pozungulira. Pakatikati pa kulemera ndi paja mungaike nsonga ya singano tsamba lodulidwa pa katoni n'kukhazikika osapendekeka. Lamuloli nalonso limafuna kuti akisisi isadutse mkati mwa malowo.

Kukula kwa tsamba lathu ndi intigiro ya `2x − x²` kuyambira 0 mpaka 2, yomwe ndi `4/3`. Kutalika kwa kathabwa koima, `2x − x²`, n'kofanana mbali zonse ziwiri za `x = 1`: pa theka ndi pa 1.5 kumapereka 0.75. Choncho pakatikati pa kulemera pali pa `x = 1`. Pozungulira akisisi ya `y` pamayenda `2π · 1`, ndipo kuchulukitsa ndi `4/3` kukupereka `8π/3`, monga tinapezera. Pozungulira `x = 3` mtunda wochokera pa akisisi ndi 2, ndiye voliyumu iyenera kuwirikiza kawiri, `16π/3`. Ndi momwemo.

Pa maakisisi ogona mungagwiritse yankho limodzi kuyesera linzake. Kuchokera pa `64π/15`, gawani ndi `2π · 4/3`, mupeza kuti pakatikati pa kulemera pali pa `y = 8/5`. Nambala imeneyi ikugwirizana ndi chithunzi, chifukwa pa `x = 1` tsamba lili pakati pa 1 ndi 2, ndipo 1.6 ali mkati mwake. Akisisi ikatsikira pa `y = −1`, mtunda ukhala `13/5`, ndipo `2π · 13/5 · 4/3` ndi `104π/15`. Tsopano yesani yankho lolakwika lija la `16π/15` m'njira yomweyi. Likupereka `y = 2/5`, ndipo mfundo (1, 0.4) ili pansi pa mzere wokhota, kunja kwa tsamba. Tsamba lathu lilibe mphako kapena pobonyokera, ndiye pakatikati pa kulemera kwake sipangakhale kunja, ndipo yankho limenelo muyenera kulitaya n'kubwerera ku mizere iwiri ija ya `R =` ndi `r =`.